Bwanji Chingerezi changa chimamveka ngati Chichewa? Mafunso ndi mayankho

Ndimaphunzitsa Chingerezi madzulo kuno ku Blantyre. Amene amabwera m'kalasi mwanga ambiri ndi anthu akuluakulu oti masana amakhala pantchito: ogulitsa m'masitolo ku Limbe, madalaivala, anamwino, ndi achinyamata amene akubwereza mayeso a Fomu 4. Mawu achingerezi amawadziwa ochuluka ndithu, ena mpaka mawu ovuta a m'nyuzipepala. Dandaulo lawo ndi limodzi: akayankhula, womvera amadabwa pang'ono, kapena amawafunsa kuti abwereze. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandifunsa chaka ndi chaka, ndipo ndawayankha monga momwe ndimayankhira m'kalasi.

Mawu onse ndawamasulira molondola. Nanga chalakwika n'chiyani?

Chalakwika n'chakuti liwu lachichewa ndi liwu lachingerezi sizilingana kukula kwake. Tengani mneni wathu uja "kumva". Timamva phokoso, timamva fungo la nsomba zouma mumsika, timamva kuzizira kukagwa chiperoni, timamva kukoma kwa ndiwo, ndipo aphunzitsi akafotokoza timati "ndamva". Ifeyo zonsezi timaziona ngati chinthu chimodzi, chifukwa zonse ndi zimene thupi kapena mutu walandira. Chingerezi munda womwewu chinaugawa zigawo zisanu: *hear*, *smell*, *feel*, *taste* ndi *understand*. Kusukulu ambirife tinaloweza kuti kumva ndi *hear*, basi. Ndiye pakafunika kunena za fungo, mutu umatenga liwu limene unasunga lija n'kutulutsa *I am hearing a smell*. Liwu lililonse m'chiganizocho ndi lachingerezi, koma kagawidwe kake ndi kachichewa.

"Kumwa" nakonso n'chimodzimodzi. Timamwa madzi, timamwa mankhwala ngakhale akhale mapilisi ouma, timamwanso phala. M'Chingerezi madzi okha ndi amene amapita ndi *drink*. Mankhwala amapita ndi *take*, phala limapita ndi *eat* kapena *have*. Palibe lamulo la galamala limene lingakuuzeni zimenezi. Ndi mawu amene anazolowerana kuyendera limodzi, ndipo njira yokha yowadziwira ndi kuwaphunzira ali awiriawiri: *take medicine*, *eat porridge*, *switch on the radio*, *get on the bus*. Mukaloweza mneni payekha, tsiku lomugwiritsa ntchito mudzamupezera mnzake wa ku Chichewa, ndipo mudzati *open the radio* chifukwa ife wailesi timaitsegula, kapena *climb the bus* chifukwa ife basi timaikwera.

Bwanji ndimangoti *my mother she is sick* pamene ndikudziwa kuti n'kulakwitsa?

Chifukwa mneni wachichewa sayenda wopanda chizindikiro cha mwininkhani. Onani chiganizo ichi: "Mwana akudwala." Tamutchula kale mwanayo, koma pa mneni taikaponso "a-" woimira mwana yemweyo. Tikati "Chitseko chatseguka", "cha-" akubwereza chitseko. "Minibasi yafika", "ya-" akubwereza minibasi. Takhala tikutero kuyambira tili makanda, moti pakamwa pamamva ngati pasowa kanthu tikangochoka pa dzina n'kulumphira pa mneni. Kanthu kameneko ndi kamene timakadzaza ndi *she*, *he* kapena *it*. Chingerezi chimatchula mwininkhani kamodzi kokha: *My mother is sick.*

Pomwepa pali vuto lina la *he* ndi *she*. "Iye" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndiye munthu wodziwa bwino Chingerezi akhoza kuyamba nkhani ya mlongo wake ndi *she*, pakati n'kumusandutsa *he* osazindikira. Izi sizitha ndi kuwerenga lamulo, chifukwa lamulolo mukulidziwa kale. Zimatha ndi kuzolowetsa lilime. Ophunzira anga ndimawauza kuti asankhe anthu awiri a kunyumba kwawo, mwamuna ndi mkazi, ndipo madzulo aliwonse anene mokweza ziganizo zisanu za wina, zisanu za winayo, akuona nkhope ya munthuyo m'maganizo. Pakapita milungu ingapo *she* amamatirira ku nkhope ya mkazi, osati ku liwu loti "iye".

Tandionetsani chitsanzo chathunthu.

Mayi wina wa m'kalasi mwanga, wogwira ntchito pakampani ina ku Makata, anandionetsa uthenga umene analembera abwana ake pafoni. Anandiuza kuti anayamba waukonza m'Chichewa, ndipo unali wotere: "Pepani bwana, ndikupempha kuti mawa ndisabwere kuntchito. Amayi anga akudwala, awagoneka kuchipatala, ndiye ndikufuna ndikawaone. Ndikadzabwerako ndidzakuuzani." Chichewa chabwino, chaulemu, chopanda polakwika. Chingerezi chimene anatumiza chinali ichi:

*Sorry boss, I am asking that tomorrow I should not come. My mother she is sick, they have admitted them at the hospital so I want to go and see them. When I will come back I will tell you.*

Abwanawo, amene si a kuno, anayankha ndi funso: kodi agonekedwa ndi anthu angati?

Tiyeni tiuyende pang'onopang'ono uthengawu. Chimene chinasokoneza abwanawo ndi *them*. Ife munthu wamkulu timamuchulukitsa pomupatsa ulemu: "awagoneka", "ndikawaone". Mayiyu sakanatha kunena kuti "ndikamuone" za amayi ake omubala, ndiye ulemu womwewo anaunyamula n'kuuika mu *them*. Koma m'chiganizo chotere wowerenga amamva anthu angapo. Mayi mmodzi ndi *her*, ndipo kutero si chipongwe ngakhale pang'ono. Mfumu, agogo, bishopu, onse ndi *he* kapena *she*.

Chachiwiri ndi "awagoneka". Ife tikafuna kusatchula wochita, timangoika "a-" wosadziwika: andibera, amumanga, awagoneka. M'Chingerezi *they* wotero alipo m'macheza, koma polembera abwana chachibadwa ndi kutembenuza chiganizo kuti wodwalayo akhale patsogolo: *My mother has been admitted to hospital.* Onani kuti "akudwala" sakufunikanso, poti munthu sagonekedwa ali bwino.

Chachitatu ndi *I am asking that*. "Ndikupempha" ndi mawu amene amafewetsa pempho m'Chichewa, koma m'Chingerezi akumveka ngati munthu akufotokoza zimene akuchita, osati kupempha. *I want to go* nayenso akumveka ngati chilakolako chabe, pamene mayiyu amatanthauza kuti n'kofunika apite, ndiye liwu lake ndi *need*. Chotsiriza ndi *when I will come back*. Mu "ndikadzabwerako" muli "-dza-" wosonyeza m'tsogolo, ndiye anamumasulira kukhala *will*. Chingerezi sichiika *will* pambuyo pa *when* wotchula nthawi ngati ameneyu. Chimati *when I come back*, ngakhale kubwerako kuli kwa mkuja.

Sindinamuuze kuti akonze liwu ndi liwu. Ndinamuuza atseke foni, ndipo ndinamufunsa mafunso atatu: ukufuna abwana adziwe chiyani, chifukwa chake n'chiyani, ndipo udzachita chiyani pambuyo pake? Funso lililonse lili ndi mawu ake okonzeratu amene olankhula Chingerezi amawatola onse pamodzi ngati mtolo. Uthenga unatuluka wotere:

*Good evening, sir. I'm afraid I won't be able to come in tomorrow. My mother has been admitted to hospital and I need to be with her. I'll let you know when I'm back.*

Mawu oti *I'm afraid* pano alibe mantha m'kati. Akugwira ntchito imene "pepani" anagwira mu uthenga wachichewa uja, yofewetsa nkhani yosakoma. Mtanthauziramawu sangakupatseni *I'm afraid* mukafufuza "pepani". Mumawapeza pokhapokha mukafunsa kuti, pamalo ngati pano, olankhula Chingerezi amati chiyani?

Ndimaopa kumveka wamwano. Ulemu wathu umapita kuti m'Chingerezi?

Mantha amenewa ndi oyenera, ndipo ndimawamvetsa. Ulemu wathu umakhala m'tizidutswa ting'onoting'ono ta mneni. "Ndipatse madzi" ndi lamulo. "Ndipatseni madzi" muli ulemu. "Mundipatseko madzi" ndi pempho lofewa loti ngakhale apongozi mukhoza kuwauza. Tsoka lake n'lakuti mukamasulira liwu ndi liwu, zitatu zonsezi zimatuluka *give me water*. "-ni" uja ndi "-ko" uja amatayika panjira, ndipo munthu amene mumtima mwake wapempha mogwada amamveka ngati akulamula wantchito.

Chingerezi ulemu chimauika mu funso. M'malo molamula, chimafunsa ngati n'zotheka: *Could I have some water, please?* kapena *Would you mind closing the window?* Kuwonjezera *please* pa lamulo kumathandiza, koma sikufika pa "mundipatseko". Ngati pali mitolo itatu yoti muiloweze sabata ino, ndi iyi: *Could I…*, *Could you…* ndi *Would you mind…*. Wotsirizayu samalani poyankha. Akufunsa ngati mungadandaule, ndiye kuvomera kwake ndi *not at all*.

"Pepani" nayenso ali ndi msampha wake. Mnzathu akapunthwa pamwala timati pepani, ngakhale mwalawo sitinauike ndife. Mukanena *sorry* yekha pamenepo, mlendo akhoza kukuyankhani kuti si inu mwalakwa. Iwo pamenepo amafunsa kuti *Are you all right?* Pa maliro kapena matenda amati *I'm sorry to hear that* kapena *I'm sorry for your loss*, mawu athunthu.

Kodi n'zoona kuti *yes* wanga akhoza kumveka ngati "ayi"?

N'zoona, ndipo pa zolakwika zonse ichi ndi chimene ndimachiopa kwambiri, chifukwa zina zimangomveka zachilendo koma ichi chimatembenuza uthenga. Wina akakufunsani kuti "Simunalandire uthenga wanga?" ndipo simunaulandiredi, mumati "Ee, sindinalandire." Mukuvomereza zimene wofunsayo wanena. Chingerezi sichiyang'ana wofunsa, chimayang'ana chochitikacho. Funso likhale *Did you get my message?* kapena *Didn't you get my message?*, yankho ndi limodzi: ngati munalandira, *Yes, I did*, ngati simunalandire, *No, I didn't*. Taganizani namwino akufunsidwa ndi dokotala wochokera kunja kuti *Hasn't the patient eaten?* iye n'kuyankha kuti *yes* akutanthauza kuti ee, sanadye. Dokotalayo amva kuti wodwala wadya.

Mankhwala ake ndi osavuta. Musayankhe ndi liwu limodzi. Nthawi zonse onjezerani kamchira kaja, *I did*, *I didn't*, *she has*, *she hasn't*. Kamchirako kakakhalapo, pakamwa pokha pamakana kunena *yes, I didn't*.

Nanga *borrow me* analakwa chiyani?

Ife timati "ndibwereke cholembera" popempha, ndiponso "ndabwereka cholembera" titalandira. Chingerezi chili ndi mawu awiri motsata kumene chinthucho chikulowera. Wopereka ndi amene amachita *lend*, wolandira amachita *borrow*. Choncho nenani *Could you lend me a pen?* kapena *Can I borrow your pen?*

Anthu onse m'tauni muno amati *I'm coming* akamachoka, ndiponso *I stay in Ndirande*. Kodi onsewa akulakwitsa?

Ayi, sindingatero. Chingerezi chakhala m'dziko muno zaka zoposa 100, ndipo chili ndi kayankhulidwe kake ka kuno monga momwe chilili ndi kake ku Nigeria kapena ku India. Mukauza mnzanu wa muofesi pa Ginnery Corner kuti *I'm coming* uku mukutuluka pakhomo, amva bwinobwino kuti ndi "ndikubwera", ndipo palibe chimene chatayika. Za *stay* ndiye ngakhale ku Scotland, kumene kunachokera amishoni amene anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, anthu amafunsana kuti *Where do you stay?* pofuna kudziwa kumene munthu amakhala. Ku South Africa nakonso amatero.

Nkhani yagona pa amene mukulankhula naye. Kwa munthu wa ku London kapena ku America, *stay* ndi kukhala kwa masiku ochepa, ngati kuhotela kapena kwa achibale, ndipo kukhala kokhazikika ndi *live*. *I'm coming* kwa iye ndiye kuti mukuyandikira pamene iye ali, moti akakuonani mukutuluka asokonezeka. Iye akanati *I'll be right back*. Ndiye ine sindiuza ophunzira anga kuti ataye Chingerezi cha kuno. Ndimawauza kuti akhale nazo ziwiri, ndipo adziwe kuti pa mayeso a MANEB, pa kalata yofunsira ntchito, ndi polankhula ndi mlendo, afunika chinacho. Chimene sindilekerera ndi zija zosintha tanthauzo, monga *yes* wa pa funso lokana ndi *them* wa munthu mmodzi.

Kuganiza m'Chingerezi n'kotheka kwa munthu amene anakulira m'Chichewa?

Mumachita kale, kungoti simunazindikire. Kondakitala akakuuzani mtengo wa ku Chirimba, mumawerenga ndalamazo m'Chichewa? Nambala yanu ya foni mumaitchula bwanji? Wina akati tikumane hafu pasiti seveni, simuyamba mwamasulira kuti ndi theka la ola kupitirira ola lachisanu ndi chiwiri. Mumangoona nthawiyo. Manambala, mitengo ndi nthawi zinalowa m'mutu mwanu molunjika, chifukwa munazimva kambirimbiri zili pamodzi ndi chinthu chenichenicho, ndalama ili m'manja, wotchi ili pakhoma. Panalibe liwu lachichewa loima pakati.

Kuganiza m'Chingerezi ndi zomwezo, kungozikulitsa. Sikuti Chichewa chichoke m'mutu, ndipo sindingafune kuti chichoke. Ndi kumanga njira yachidule yochoka pa chochitika kupita pa mawu achingerezi, m'malo mwa njira yozungulira yodzera ku chiganizo chachichewa. Njira imeneyi imamangidwa malo amodziamodzi. Mukhoza kumaganiza m'Chingerezi pa nkhani za kuntchito koma n'kumamasulirabe pa nkhani za maliro kapena za kumunda, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo.

Ndiyambire pati kwenikweni?

Yambani ndi kope lanu la mawu. Ambiri amalemba mizere iwiri, Chingerezi kumanzere, Chichewa kumanja. Kope lotero limaphunzitsa mutu kumasulira, chimene tikufuna kusiya. Tsegulani tsamba latsopano, pamwamba mulembe malo kapena chochitika, monga kubanki, kupempha tchuthi, kuchipatala. Pansi pake muzilemba ziganizo zathunthu zimene mwamva kapena kuwerenga kwa odziwa, osati zimene mwapanga nokha. Zitatu patsiku zakwana. Dzina lililonse muzililemba ndi kamawu kake ka patsogolo ndi mneni wake, *make a mistake*, *catch a cold*, *pay the bill*, chifukwa *a* ndi *the* mulibe m'Chichewa ndipo mukawasiya polemba mudzawasiyanso poyankhula.

Kenako sankhani kanthawi kamodzi ka tsiku ndi tsiku kakhale ka Chingerezi chokha. Ine ndimakonda ulendo wa paminibasi, chifukwa zimene mumaona zimabwerezeka tsiku lililonse. Kuchoka ku Limbe kudzera pa Chichiri mpaka m'tauni, nenani chamumtima zimene maso akuona, m'ziganizo zazifupi za mawu anayi kapena asanu: *The bus is full. It's going to rain. She's getting off here.* Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndi limene limapweteka: nenani zokhazo zimene Chingerezi chanu chingathe. Mukapeza kuti mwayamba kupanga chiganizo chokongola chachichewa kuti muchimasulire, chisiyeni, mutenge chachifupi. Munthu wamkulu amachita manyazi kuyankhula ngati mwana wa Sitandade 3 ngakhale chamumtima, koma ziganizo zazitali zimadzamera pa zazifupi zomwezo.

Liwu likakusowani, musathamangire mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi. Lizungulireni ndi mawu amene muli nawo. Mwaiwala dzina la chipande? Nenani *the thing we use to serve nsima*. Mwakhalabe m'Chingerezi, ndipo luso lozungulira limeneli ndi limene lidzakupulumutseni pa intavyu liwu likadzathawa. Madzulo ndiye mufufuze, makamaka mu mtanthauziramawu wa Chingerezi chokhachokha wa ophunzira, chifukwa umapereka ziganizo zachitsanzo.

Chachitatu ndi khutu. Mverani nkhani zachingerezi pa MBC kapena pa BBC kwa mphindi khumi, ndipo muzibwereza mokweza chiganizo chilichonse wowerengayo akangochimaliza, ngakhale musanachimvetse chonse. Apa mukuphunzitsa lilime kuti mitolo ija izituluka yathunthu. Ngati mungapeze nkhani imodzi yolembedwa m'zinenero zonse ziwiri, monga zimachitikira m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zimene zimakhala ndi masamba achichewa, ziikeni pamodzi muone mmene mtolankhani aliyense wayambira. Kawirikawiri mupeza kuti sanayambire pamodzi n'komwe.

Kodi kuyankhula ndekha sikungakhazikitse zolakwika zanga?

Kungathe, ndipo awa ndi malire a njira imeneyi. Mukamanena *I am knowing* chamumtima tsiku lililonse popanda wokuuzani, mukulimbitsa cholakwika. "-ku-" wathu amalowa paliponse, ndikudziwa, ndikufuna, ndikukhulupirira, koma Chingerezi sichikonda *-ing* pa aneni osonyeza mmene zinthu zilili, ndiye chimati *I know*, *I want*, *I believe*. *I'm having lunch* ali bwino chifukwa kudya n'kuchita, koma "ndili ndi galimoto" ndi *I have a car*.

Choncho kamodzi pa sabata dzijambuleni pafoni mukufotokoza za tsiku lanu kwa mphindi imodzi. Mverani, lembani zimene mwanena liwu ndi liwu, ndipo mupatse munthu wodziwa bwino, mphunzitsi kapena mnzanu wa kuntchito. Mumupemphe akuuzeni cholakwika chimodzi chokha chimene chikubwerezeka, osati zonse. Sabata yotsatira yonse ikhale ya cholakwika chimenecho. Ndaona anthu ambiri akubwezeredwa pepala lofiira ndi inki kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo palibe chimene anakonza, chifukwa sanadziwe poyambira.

Ndidzadziwa bwanji kuti zayamba kutheka?

Chizindikiro choyamba ndi kufupika kwa kachetechete uja wa pakati pa funso ndi yankho lanu. Wina akati *How was your weekend?* yankho limatuluka musanalikonze. Chachiwiri n'chakuti chiganizo cholakwika chimayamba kukukhumudwitsani khutu musanakumbukire lamulo lake, monga momwe mungamvere mlendo atanena kuti "chitseko yatseguka". Simufunika kudziwa dzina la gulu la mayina kuti mumve kuti palakwika.

Chachitatu chimadabwitsa ambiri. Tsiku lina mudzanena mawu achingerezi oyenera bwinobwino pamalopo, wina n'kukufunsani kuti m'Chichewa ndiye kuti chiyani, inu n'kuyamba mwaima kaye kuti muganize. Mayi wa ku Makata uja zinamuchitikira patapita miyezi ingapo. Mnzake wa kuntchito anamufunsa tanthauzo la *I'll let you know*, mawu amene iye anali atawalemba kambirimbiri m'mauthenga, ndipo anati anayamba wakanda m'mutu asanapeze "ndikudziwitsani".